Mmene mungakonzekerere mayeso a Chijeremani a B1, makamaka gawo lolemba ndi lolankhula

Anthu ambiri amene akuphunzira Chijeremani amafika pa B1 akutha kuwerenga ndithu, kumva akumvanso, koma akangowapatsa pepala kuti alembe imelo kapena kuwakhazika pamaso pa oyesa awiri kuti alankhule maminitsi 3, zonse zimabalalika. Ndipo nthawi zambiri vuto silikhala galamala ayi. Munthu amataya malikisi chifukwa sanayankhe zimene pepala lafunsa, wadumpha mfundo imodzi, kapena nthawi yamuthera ali pakati. Pano tikamba za Goethe-Zertifikat B1, mayeso amene amakonzedwa ndi Goethe-Institut pamodzi ndi ÖSD ya ku Austria ndi yunivesite ya Freiburg ku Switzerland. Ngati mwalembetsa telc kapena DTZ dziwani kuti kapangidwe kake ndi kosiyana, ndiye musatenge maminitsi ndi malikisi a pano kukawagwiritsa ntchito kumeneko.

## Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Mapepala a chitsanzo, amene pa webusaiti ya Goethe-Institut amalembedwa kuti Modellsatz ndi Übungssatz. Ndi aulere. Asindikizeni, musamangowaonera pa foni.
- Mndandanda wa mawu a B1, dzina lake Wortliste, uli ndi mawu pafupifupi 2,400 ndipo nawonso ndi waulere pa webusaiti yomweyo.
- Kope limodzi la zolemba zokha, ndi bolopeni. Osati pensulo, poti tsiku la mayeso mudzalemba ndi bolopeni.
- Foni yoti muzidzijambula mawu komanso kutchera nthawi.
- Mnzanu mmodzi amene ali pa levulo yomweyo. Gawo lolankhula mumalowa awiriawiri, ndiye kukonzekera nokha sikukwanira.
- Munthu wodziwa Chijeremani kuposa inu woti azikuchongerani zolemba, ngakhale kamodzi pa sabata.

## 1. Dziwani kaye kapangidwe ka mayeso

Mayesowa ali ndi magawo 4. Lesen, kuwerenga, ndi maminitsi 65. Hören, kumvetsera, pafupifupi maminitsi 40. Schreiben, kulemba, maminitsi 60. Sprechen, kulankhula, pafupifupi maminitsi 15 kwa anthu awiri, ndipo musanalowe amakupatsani maminitsi 15 ena okonzekera. Gawo lililonse lili ndi malikisi 100 ndipo kuti mukhoze mufunika 60.

Chenjezo pano ndi lakuti magawowa sathandizana. Mukapeza 95 powerenga ndi 55 polemba, gawo lolembalo mwalephera basi, palibe zoti aphatikize n'kugawa. Ubwino wake mukhoza kudzabwereza gawo lokhalo limene mwalephera osakhudzanso enawo. Ndiye ngati mukuona kuti kuwerenga kukuyenda bwino, musamangokhalira komweko chifukwa choti n'kosangalatsa, nthawi yanu ipite kumene kukuvuta.

## 2. Lembani mayeso a chitsanzo lero, musanawerenge china chilichonse

Tengani gawo lolemba la Modellsatz, lomwe lili ndi ntchito zitatu, tcherani maminitsi 60, foni ikhale patali, dikishonale itsekedwe chifukwa m'mayeso saloleza. Alamu ikalira siyani bolopeni ngakhale muli pakati pa chiganizo. Kenako werengani mawu amene mwalemba pa ntchito iliyonse ndipo onani ngati mfundo zonse zimene anafunsa mwazikhudza.

Cholinga chake n'choti mudziwe matenda anu. Ena amapeza kuti ntchito yachitatu sanaifike n'komwe. Ena amaliza zonse koma mneni akumuika paliponse. Mankhwala a anthu awiriwa ndi osiyana, woyambayo akufunika wotchi, wachiwiriyo akufunika sitepe 6 m'munsimu.

## 3. Schreiben, ntchito yoyamba: imelo kwa mnzanu

Apa mumalemba mawu pafupifupi 80, nthawi imene amalangiza ndi maminitsi 20, malikisi ake 40. Pepala limakupatsani nkhani ndi mfundo zitatu, ndipo kawirikawiri zimakhala zamtundu uwu: Beschreiben Sie, kutanthauza fotokozani mmene zinalili, Begründen Sie, perekani chifukwa, ndi Machen Sie einen Vorschlag, perekani ganizo la chochita. Mfundo iliyonse ipatseni ziganizo ziwiri kapena kuposerapo pang'ono. Chiganizo chimodzi chachifupi chimaoneka ngati mwangodutsapo.

Tiyeni tiyese ndi chitsanzo. Tinene kuti kalasi yanu inapita kunyanja Loweruka, mnzanu Jonas sanapite nawo chifukwa amadwala. Mfundo zake: fotokozani mmene ulendo unalili, nenani chimene chinakusangalatsani kwambiri ndi chifukwa chake, perekani ganizo loti mukumane.

Lieber Jonas,

wie geht es dir? Hoffentlich bist du wieder gesund. Schade, dass du am Samstag nicht dabei warst! Wir sind früh mit dem Bus an den See gefahren, haben dort gegrillt und den ganzen Nachmittag Volleyball gespielt. Obwohl es am Abend geregnet hat, war die Stimmung super. Am besten hat mir die Bootsfahrt gefallen, weil ich noch nie auf einem Boot war und wir viele Vögel gesehen haben. Hast du am Freitag Zeit? Wir könnten uns um 17 Uhr im Café am Bahnhof treffen, dann zeige ich dir die Fotos.

Bis bald
Chikondi

Taonani mmene yamangidwira. Yayamba ndi moni, kenako kachiganizo kolumikiza ndi nkhani yoti Jonas amadwala, kusonyeza kuti funso mwaliwerenga. Mfundo yoyamba yatenga ziganizo ziwiri zofotokoza zimene zinachitika. Yachiwiri ili ndi weil, chifukwa pepala likati Begründen Sie ochonga amayang'ana ngati chifukwacho chilipodi, kungoti boti linandisangalatsa sikukwanira. Yachitatu ili ndi tsiku, nthawi ndi malo. Kulemba kuti tidzaonane tsiku lina ndi kutsazika chabe, ganizo lenileni limakhala ndi Lachisanu, 17 Uhr, pamalo akutiakuti. Mawu onse apitirira pang'ono 90, zimene zili bwinobwino, palibe amene adzakudulani malikisi chifukwa cha mawu khumi owonjezera.

Tinthu tiwiri ting'onoting'ono tomwe anthu amaphonya. Mwamuna ndi Lieber, mkazi ndi Liebe, ndiye onetsetsani dzina lomwe lili pa pepala ndi mawu akuti Freund kapena Freundin. Ndipo pambuyo pa koma wa pa moni, mzere wotsatira umayamba ndi chilembo chaching'ono, wie osati Wie.

Musavutike kuti nkhaniyo ikhale yoona. Palibe amene adzafufuze ngati munakweradi boti. Sankhani nkhani imene mawu ake mukuwadziwa, ngati simukudziwa dzina la nsomba imene munadya lembani kuti munadya nkhuku.

## 4. Schreiben, ntchito yachiwiri: maganizo anu pa nkhani

Mawu 80 omwewo, maminitsi 25, malikisi 40. Amakupatsani mutu ndi ndemanga ya munthu wina pa mutuwo, inu n'kulemba maganizo anu. Mitu yake ndi ya tsiku ndi tsiku, monga ana ndi mafoni, kugula zinthu pa intaneti, kukhala m'tauni kapena kumudzi, kudya nyama. Iyi si kalata, ndiye moni wa Lieber kapena Sehr geehrte safunika.

Anthu ambiri imawavuta chifukwa apa palibe mfundo zitatu zokutsogolerani, mafupa a nkhaniyo mumapanga nokha. Njira yosavuta ndi iyi. Chiganizo choyamba nenani mbali imene mwaima, Ich bin der Meinung, dass kapena Meiner Meinung nach. Kenako chifukwa chimodzi champhamvu ndi chitsanzo cha pa moyo wanu, zum Beispiel. Kenako vomerezani kuti a mbali inayo ali ndi mfundo, apa ndi pamene einerseits ndi andererseits kapena zwar ndi aber amagwira ntchito. Pomaliza chiganizo chimodzi chotseka, choyamba ndi deshalb.

Chenjezo: Meiner Meinung nach amatsatiridwa ndi mneni nthawi yomweyo. Meiner Meinung nach ist das eine gute Idee. Ambiri amalemba das ist, ndipo popeza ichi chimakhala chiganizo choyambirira, wochonga amakumana ndi cholakwika asanapite patali. Chinanso, musakopere ziganizo za ndemanga imene mwapatsidwa. Mukhoza kunena kuti mukugwirizana naye kapena ayi, koma zifukwazo zikhale m'mawu anu.

Ine ndimaona kuti kuloweza nkhani yonse ya mawu 80 kuti mukangosintha mutu ndi kudzinamiza. Mawu oyambira ndi olumikizira lowezani ndithu, koma ngati theka la zolemba zanu lingakwane pa mutu uliwonse, ndiye kuti pa mutu umene mwafunsidwawo simunanene kanthu, ndipo ochonga zimenezi amaziona tsiku lililonse.

## 5. Schreiben, ntchito yachitatu: imelo yaulemu

Iyi ndi yaifupi, mawu pafupifupi 40, maminitsi 15, malikisi 20. Mumalembera mphunzitsi, abwana kapena eni nyumba, nthawi zambiri kupepesa kuti simubwera ndi kunena chifukwa, kapena kupempha kanthu.

Sehr geehrte Frau Weber,

leider kann ich am Montag nicht zu unserem Termin kommen, weil mein Sohn krank ist und ich mit ihm zum Arzt muss. Das tut mir sehr leid. Könnten Sie mir bitte einen neuen Termin geben? Am Mittwoch hätte ich Zeit.

Mit freundlichen Grüßen
Chikondi Banda

Ife zoti wamkulu sitimutchula iwe tinakula nazo, ndiye Sie sakuyenera kutivuta, komabe dzanja likazolowera du pa ntchito yoyamba ija limapitiriza lokha. Sie, Ihnen, Ihr, onsewa ndi chilembo chachikulu. Kwa bambo ndi Sehr geehrter Herr, kwa mayi Sehr geehrte Frau. Pomaliza lembani dzina ndi la bambo lomwe.

Malikisi 20 awa ndi otsika mtengo kuposa ena onse m'gawoli, chifukwa ziganizo zake zimabwerezabwereza. Ngati pa sitepe 2 munaona kuti nthawi imakutherani, yambani ndi ntchito imeneyi, muithane m'maminitsi 10 kenako mupite ku zazikuluzo. Palibe lamulo loti muyambe ndi yoyamba.

## 6. Konzani malo a mneni, zina zidzatsatira

Ochonga amayang'ana zinthu 4: Erfüllung, ngati mwachita zimene munafunsidwa, Kohärenz, ngati nkhani ikulumikizana, Wortschatz, mawu amene mwagwiritsa ntchito, ndi Strukturen, galamala. Choyambacho ndi choopsa, chifukwa mukalemba zosakwana theka la mawu ofunika kapena mwasochera mutu, ntchito yonseyo imapeza 0 ngakhale Chijeremani chake chikhale chokoma bwanji.

Pa galamala, pa B1 sayembekeza kuti mulembe mopanda cholakwika. Chimene amaona ndi chakuti zolakwikazo zikusokoneza kumva kapena ayi. Mukaphonya der ndi das apo ndi apo munthu amamvabe. Chimene chimaonekera msanga ndi malo a mneni, ndipo alumikizi ali m'magulu atatu amene muyenera kuwasiyanitsa mpaka kutulo.

Gulu loyamba ndi la weil, dass, wenn, obwohl. Awa amakankhira mneni kumapeto: Ich komme nicht, weil ich krank bin. Gulu lachiwiri ndi la deshalb, trotzdem, dann, außerdem. Awa amatenga malo oyamba, mneni n'kubwera pompo: Ich bin krank, deshalb komme ich nicht. Gulu lachitatu ndi la und, aber, oder, denn, awa sasuntha chilichonse: Ich komme nicht, denn ich bin krank. Nkhani imodzimodziyo, mneni malo atatu.

Muziyeseza chonchi. Tengani mfundo imodzi, mwachitsanzo kulibe ndalama ndiye sindipita, muilembe katatu ndi weil, deshalb ndi denn. Mawa ina. Ndi ntchito ya maminitsi 5 koma ikachitika tsiku ndi tsiku dzanja limazolowera. Ndipo mukamaliza kulemba imelo iliyonse, bwererani n'kuzunguliza weil, dass ndi wenn aliyense, kenako londolani ndi chala mpaka kumapeto kwa chiganizo muone ngati mneni ali komweko. M'mayeso sungani maminitsi 5 omaliza a ntchito imeneyi pamodzi ndi kuona ngati mayina onse ayamba ndi chilembo chachikulu.

Za kulemba kawiri: musalembe nkhani yonse pa pepala loyesera kuti mukakopere. Nthawi siikwana, ndipo chimene amachonga ndi cha pa pepala la mayankho, Antwortbogen. Pa loyeseralo lembani mawu awiri atatu pa mfundo iliyonse basi. Mukalakwitsa dulani ndi mzere umodzi n'kupitiriza. Malo ena mayesowa amalembetsa pa kompyuta, ndiye funsani polembetsa, ngati ndi choncho muyesezeretu kutaipa ä, ö, ü ndi ß chifukwa kiyibodi ya Chijeremani ili ndi z pamene inu munazolowera y.

## 7. Sprechen: maminitsi 15 okonzekera muwagawe bwanji

Musanalowe amakukhazikani panokha ndi mapepala a mafunso, kulankhula ndi mnzanu uja sikuloledwa. Sprechen ili ndi magawo ake atatu, ndipo pa gawo lachiwiri, lofotokoza mutu, mumapatsidwa mitu iwiri kuti musankhe umodzi. Sankhani msanga, miniti imodzi yakwana, ndipo musasankhe umene ukukusangalatsani, sankhani umene muli ndi mawu ake komanso chitsanzo cha kwanu. Kenako maminitsi ngati 10 apite ku mutu umenewo poti ndiwo uli ndi malikisi ambiri, otsalawo ku gawo loyamba.

Manotsi mumaloledwa kulowa nawo koma akhale mawu apatalipatali, osati ziganizo. Munthu amene walemba ziganizo zonse amayamba kuwerenga, mutu uli pansi, ndipo pepala lenilenilo limanena kuti mulankhule momasuka osawerenga zonse.

Malikisi ake ali chonchi: gawo loyamba 28, lachiwiri 40, lachitatu 16, ndipo katchulidwe ka mawu m'magawo onse 16.

## 8. Sprechen, gawo loyamba: kupangana pulani

Inu ndi mnzanu mumakonza chinthu limodzi kwa maminitsi pafupifupi 3. Tinene kuti aphunzitsi anu akuchoka ndipo mukufuna kuwakonzera phwando lotsazikana. Pa pepala pamakhala timfundo monga Wann?, Wo?, Essen und Getränke?, Geschenk?, ndi timadontho tosonyeza kuti mukhoza kuonjezera yanu.

Poyamba gwirizanani ngati muzitchulana du kapena Sie, kafunso kamodzi kokha, Wollen wir du sagen?, kenako musasinthe. Chimene oyesa akufuna kumva ndi kukambirana kwenikweni, kupereka ganizo, kuvomera, kukana ndi chifukwa, kenako kugwirizana. Mwachitsanzo inu mwati Wie wäre es am Samstagabend? Mnzanu akuti Loweruka amagwira ntchito, Am Samstag kann ich leider nicht, weil ich arbeiten muss. Inu musangoti okay, bwerani ndi lina, Dann vielleicht am Sonntag um 15 Uhr? Passt dir das? Mukagwirizana pitani pa mfundo ina.

Kanani kamodzi ngakhale mulibe chifukwa chenicheni chokanira. Anthu ambiri amangoti ja, gute Idee pa chilichonse chifukwa cha ulemu, pulani n'kutha m'miniti imodzi oyesa asanamve kanthu. Mnzanu akati tiwagulire maluwa, inu nenani kuti Das ist eine schöne Idee, aber maluwa safika patali poti akukwera ndege, bwanji buku la zithunzi za kalasi. Pamenepo mwaonetsa aber, mwaonetsa chifukwa, mwaperekanso ganizo lina.

Nanga mnzanuyo akakhala wosalankhula? Mufunseni mafunso osavuta osankha, Kuchen oder Pizza?, ndipo mumupatse mpata ayankhe. Akakhala wolongolola, dikirani apume n'kulowa ndi Darf ich auch etwas vorschlagen? Aliyense amapatsidwa malikisi ake payekha, ndiye mnzanu wofooka sakugwetsani, koma kumulanda mawu onse kumakudyerani inuyo chifukwa kupatsana mpata ndi chimodzi mwa zimene akuyesa. Pomaliza mmodzi abwereze zimene mwagwirizana, tsiku, malo, ndi amene agule chiyani.

## 9. Sprechen, gawo lachiwiri: kufotokoza mutu

Apa mumalankhula nokha maminitsi pafupifupi 3. Pa pepala pali timabokosi 5 totchedwa Folien, ndipo dongosolo lake silisintha ngakhale mutu usinthe. Koyamba, tchulani mutu ndi mmene mufotokozere. Kachiwiri, zimene inuyo munakumana nazo. Kachitatu, mmene zilili kwanu kumene mumachokera, ndi zitsanzo. Kachinayi, ubwino ndi kuipa kwake komanso maganizo anu. Kachisanu, tsekani ndi kuthokoza.

Tiyese ndi mutu woti kulipira ndi kashi kapena ndi foni, chabwino n'chiti. Manotsi anu akhoza kukhala mawu ochepa awa: pa kachiwiri Strom, Miete, Mutter, pa kachitatu Markt, Minibus, Dorf, pa kachinayi schnell, sicher, Gebühren, Netz.

Kabokosi koyamba ndi ziganizo zitatu zoloweza: Das Thema meiner Präsentation ist, kenako Zuerst erzähle ich von meinen Erfahrungen, dann spreche ich über die Situation in meinem Heimatland, ndi Zum Schluss sage ich meine Meinung. Masekondi 20 akwana. Pa kachiwiri nenani kuti magetsi ndi lendi mumalipira pa foni, ndipo fotokozani tsiku limodzi lenileni m'nthawi yakale, mwachitsanzo mwezi watha munatumizira mayi anu ndalama kumudzi ndipo anazilandira nthawi yomweyo. Pamenepa ndi pamene Perfekt wanu amamveka, ich habe geschickt, sie hat bekommen.

Kachitatu ndi pomwe Mmalawi ali ndi mwayi, chifukwa zimene inu mukuona ngati zawamba kwa oyesa ndi nkhani, ndipo palibe amene akuzidziwa kuposa inu. Nenani kuti ku Malawi anthu ambiri amatumizirana ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ngakhale alibe akaunti ku banki, kuti pali ma ejenti m'misika ndi m'matauni ang'onoang'ono, koma mu minibasi ndi pogula tomato anthu amakondabe kashi. Wa ku Zambia kapena ku Mozambique anene za kwawo momwemo. Kulakwa kofala apa ndi kunena chiganizo chimodzi, In meinem Heimatland ist es auch so, n'kudumphira kutsogolo. Kabokosi kameneka kakufuna zitsanzo, Beispiele, ndipo zalembedwa pa pepala pomwepo.

Pa kachinayi zabwino ziwiri, zoipa ziwiri, zakwana. Ein Vorteil ist, dass n'zachangu ndipo suyenda ndi ndalama m'thumba. Ein Nachteil ist, dass amadula ndalama pa kutumiza ndi kutapa, komanso netiweki ikachoka wagwidwa. Kenako musaiwale maganizo anu, ambiri amatchula ubwino ndi kuipa n'kuthawa osanena mbali yawo, chonsecho pepala lafunsa zonse ziwiri. Kachisanu: Das war meine Präsentation. Vielen Dank fürs Zuhören.

Poyeseza dzijambuleni mawu. Koyamba mwina mupeza kuti mwatha m'miniti imodzi ndi theka, kapena mwafika maminitsi 5 muli pa kabokosi kachitatu. Mvetserani, onani kabokosi kamene kawonda kapena kanenepa, bwerezani mutu womwewo mpaka ukwane maminitsi 3, ndiye musinthe mutu. Mutu umodzi wobwerezedwa katatu umakuphunzitsani zambiri kuposa mitu itatu yongodutsa.

## 10. Sprechen, gawo lachitatu: ndemanga ndi funso

Mnzanu akamaliza kufotokoza mutu wake, inu mumapereka ndemanga ndi kumufunsa funso limodzi. Inu mukamaliza wanu, iye amakufunsani, woyesa nayenso amafunsa. Ndiye pamene mnzanu akulankhula musamabwereze zanu mumtima, mvetserani ndipo gwirani chinthu chimodzi chimene wanena.

Ndemanga yongoti Deine Präsentation war sehr interessant ingakwane paliponse. Onjezerani chimene mwamva: Ich wusste nicht, dass ana kwanu amayamba sukulu molawirira choncho. Funso likhale loyamba ndi warum, wie kapena was, ndipo lisakhale lomwe wayankha kale. Poyankha inuyo, ja kapena nein yekha ndi kutaya malikisi, onjezerani weil ndi chiganizo china. Simunamve funso? Könnten Sie die Frage bitte wiederholen? Kupempha kuti abwereze kuli bwino kuposa kuyankha za kumpoto atafunsa za kum'mwera.

## 11. Katchulidwe: zimene zimativuta ife olankhula Chichewa

Sakufuna kuti mumveke ngati munabadwira ku Hannover, akufuna kuti mumveke bwino. Koma pali zinthu zingapo zimene lilime lathu limabwera nazo. Choyamba r ndi l, kwathu kuwasinthanitsa sikusintha tanthauzo, koma Gras ndi udzu pamene Glas ndi tambula, Reise ndi ulendo pamene leise ndi motsitsa mawu. Chachiwiri, mawu athu amathera ndi lembo la liwu, ndiye pakamwa pamafuna kuonjezera ka i kumapeto kwa Arbeit kapena Stadt. Dulani pomwe mawu athera. Chachitatu, ife timatsindika mphatikizo wachiwiri kuchokera kumapeto, pamene mawu ambiri a Chijeremani amatsindika koyambirira, arbeiten mphamvu ili pa ar osati pa bei.

Chachinayi ndi timadontho tiwiri ta pa ä, ö ndi ü, ndipo apa katchulidwe kamakhudza galamala. Konnte ndi ndinatha, könnte ndi ndingathe. Hatte ndi hätte, wurde ndi würde, chimodzimodzi. Mukafuna kupereka ganizo mwaulemu n'kunena wir konnten, mwakamba za dzulo. Kuti ü atuluke nenani i wautali, lilime lisasunthe, kenako zungulizani milomo ngati mukuimba likhweru. Pa ö chitani zomwezo kuyambira pa e.

## Zolakwika zimene zimabwerabwera

Kudumpha mfundo. Mukamaliza mfundo iliyonse ikani kachizindikiro pa pepala la mafunso, polemba ndi polankhula pomwe.

Kusakaniza er ndi sie. Chichewa chili ndi iye mmodzi wa onse, ndiye munthu amayamba ndi meine Mutter n'kupitiriza ndi er, womvera n'kuyamba kufunafuna bambo amene sanatchulidwe. Mukamamvetsera zimene mwadzijambula, tcherani khutu pamenepa.

Kuganiza m'Chingerezi. Bekommen si kukhala chinachake, ndi kulandira. Ich will si nthawi yam'tsogolo, ndi ndikufuna. Also satanthauza komanso, amatanthauza choncho. Ndipo mawu akakuthawani musaponye la Chingerezi, zungulirani ndi amene muli nawo, mwaiwala Krankenwagen nenani das Auto vom Krankenhaus.

Kuika haben pa Perfekt wa aneni a kuyenda. Zolondola ndi ich bin gefahren, ich bin gegangen, ich bin gekommen, komanso ich bin geblieben ngakhale kukhala sikuyenda. Imelo yoyamba ija pafupifupi nthawi zonse imafuna nkhani yakale, ndiye aneni amenewa simungawathawe.

Kukhala chete mukalakwitsa. Mukazindikira kuti mneni mwamuika polakwika, konzani kamodzi n'kupitiriza, kapena ingopitirizani. Chete wa masekondi 10 amamveka kwambiri kuposa der wolakwika. Sungani timawu togulira nthawi, Moment, wie sagt man das, kapena Das ist eine gute Frage.

Kuyeseza ndi munthu mmodzi yekhayekha. Mumazolowerana mpaka mumadziwa chimene anene, pamene tsiku la mayeso mwina adzakuphatikizani ndi munthu amene simunamuonepo, wa katchulidwe kachilendo. Sabata ziwiri zomaliza pezani wina woti musinthane naye, ngakhale pa foni.

Kuiwala chiphaso. Tengani pasipoti kapena chiphaso chomwe munalembetsera pamodzi ndi kalata yotsimikiza kuti munalembetsa, ndipo muonetsetse tsiku ndi nthawi ya Sprechen payokha chifukwa malo ena gawo lolankhula limakhala masana kapena tsiku lina, osati nthawi imodzi ndi magawo olemba.